Mayina a zam'kati mwa boneti pa chithunzi: poonera oyilo ndi madzi a injini

Chithunzi cha m'kati mwa boneti ndi chithunzi chojambulidwa boneti ili yotsegula, kenako n'kulembapo manambala ndi mayina a zipangizo, kuti munthu amene wangoyamba kusamala galimoto adziwe pogwira ndi posagwira. Kuno kwathu chimathandiza kwambiri chifukwa magalimoto ambiri ang'onoang'ono ndi ochokera ku Japan, ndipo amabwera ndi buku la Chijapani kapena opanda buku n'komwe. Nkhani ino yatenga injini ya Toyota yotchedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe imapezeka mu Sienta, Probox, Corolla ndi ma Vitz ena. Malo enieni a zinthu amasiyanako pang'ono malinga ndi galimoto, koma njira yozizindikirira ndi imodzi.

Wojambula amaima kutsogolo kwa galimoto, pakati penipeni, n'kukweza foni kuti mbali zonse ziwiri zioneke, kuyambira ku rediyeta mpaka kukhoma la m'munsi mwa galasi. Mthunzi ndi wabwino kuposa dzuwa la masana, lomwe limanyezimiritsa mapulasitiki n'kubisa zili pansi. Asanalembe dzina lililonse, woyamba ayenera kumvetsa za mbali. Amakaniko akamati "kumanja kwa galimoto" amawerenga ngati munthu wakhala pa chiwongolero, pomwe wojambula wayang'anizana nayo. Choncho pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja, mbali ya dalaivala imaoneka kumanzere kwa chithunzi. Ndi bwino kulemba pachithunzipo kuti "mbali ya dalaivala" ndi "mbali ya wokwera", chifukwa malangizo a pa foni akuti "tsegulani cha kumanja" asokonezapo anthu ambiri.

Zotsegula zomwe zimaoneka m'boneti ndi zingapo, ndipo vuto lalikulu la woyamba si kusadziwa mayina ayi, koma kuthira chinthu choyenera pamalo olakwika. Mtundu wa chitsekerero suyenera kudaliridwa. Pa galimoto yomwe yadutsa m'manja ambiri, chitsekerero chikhoza kukhala chogula ku msika wa zitsulo, ndipo fumbi la m'misewu yathu limadetsa zonse mofanana. Chodalirika ndi kuona kuti chinthucho chakhala pa chiyani, nanga paipi yake ikupita kuti.

Injini ya 1NZ-FE imakhala chopingasa, pakati pa chithunzi, nthawi zambiri itavundikiridwa ndi pulasitiki yakuda. Pamwamba pake pali chitsekerero chozungulira, chopotokola, cholembedwa ENGINE OIL kapena chokhala ndi chizindikiro cha kachitini kodontha. Apa ndi pothirira oyilo, ndipo ndi chitsekerero chokhacho chomwe chakhala pa thupi la injini lenileni. Kutsogolo kwa injini, cha m'munsi pang'ono, pamaoneka kamphete kachikasu koti chala n'kulowa. Ichi ndi chigwiriro cha dipusitiki, kachitsulo katali kopyapyala komwe kamatsika mpaka mu sampu, momwe oyilo amakhala. Pa chithunzi kamphete aka kamabisika mosavuta kuseri kwa mapaipi, kotero ndi bwino kukajambula pakokha chapafupi.

Pali dipusitiki ina yomwe imasokoneza. Magalimoto ena a giya yodzisintha yokha ali ndi yachiwiri, ya mafuta a giyabokosi, yomwe imakhala pansi kumbali ya batire, kumanja kwa chithunzi, ndipo kawirikawiri imakhala ndi kotsekera koti ukankhe usanasolole. Mafuta ake amakhala ofiirira ndipo amayezedwa mwa njira ina. Ma giyabokosi ambiri a CVT alibe dipusitiki, choncho ikasowa pa chithunzi si ndiye kuti yagwa. Woyamba ailembe dzina n'cholinga choti aziisiya.

Madzi oziziritsa injini, omwe ambiri amangoti kulanti, ali ndi malo awiri. Kutsogolo kwenikweni, m'munsi mwa chithunzi, kuli rediyeta, ndipo pamwamba pake kapena pa khosi la paipi yake pali chitsekerero chachitsulo chamakutu awiri, chokhala ndi chenjezo komanso nambala ngati 0.9 kapena 1.1. Nambalayi ikunena mphamvu ya mpweya yomwe chitsekererocho chimagwira, ndipo mphamvuyo ndi imene imachititsa kuti madzi asawire ngakhale atapitirira madigiri 100. Kuchokera pakhosi pomwepo pamatuluka kapaipi kakang'ono, konenepa ngati chala. Kalondoleni ndi maso: komwe kathera ndi pa kathanki kosungira kulanti, koyera mooneka zam'kati, kolembedwa FULL ndi LOW, kapena F ndi L, m'mbali mwake. Kapaipi aka ndiye umboni weniweni. Injini ikatentha madzi amafufuma n'kudutsa m'menemo kupita m'kathanki, ikazizira amayamwidwa kubwerera.

Mathanki ena awiri oyera amafanana nako. La madzi otsukira galasi limakhala pakona yakutsogolo, lili ndi khosi lalitali ndi chitsekerero chongobanthula, nthawi zambiri chabuluu, chojambulidwa galasi ndi madzi akuthovoka. La mafuta a mabuleki ndi laling'ono, lili kumbuyo pakhoma, moyang'anizana ndi chiwongolero, lolembedwa MAX ndi MIN, ndipo chitsekerero chake chimatchula DOT 3. Kuthira kulanti m'thanki la galasi n'kungowononga ndalama ndi kudetsa galasi. Koma oyilo wa injini akalowa m'thanki la mabuleki amatupitsa malabala a m'kati ndipo mabuleki akhoza kusiya kugwira. Galimoto yotero siyenera kuyenda mpaka makaniko ataiona.

Chithunzi chimangosonyeza malo, mulingo umawerengedwa pa galimoto yeniyeniyo. Poyeza oyilo, galimoto iime pamalo athyathyathya, chifukwa pamtsetse oyilo amapendekera mbali imodzi ya sampu ndipo dipusitiki imanama. Ngati injini imalira, izimitsidwe n'kudikira mphindi zoposa 5 kuti oyilo atsike. M'mawa isanalizidwe ndi nthawi yabwinonso. Dipusitiki isololedwe, ipukutidwe ndi kansalu koyera, ibwezeredwe mpaka chigwiriro chitakhala pansi, kenako isololedwenso. Kuwerenga koyamba sikudalirika chifukwa oyilo amakhala atathovokera m'mwamba injini ikuyenda. Kunsonga kuli timadontho tiwiri: ka m'munsi ndi mulingo wotsika, ka m'mwamba ndi wodzaza. Pogwira, nsonga iloze pansi kuti oyilo asayenderere kukwera, ndipo ngati mbali ziwiri za kachitsuloko zikusiyana, khulupirirani yotsikayo.

Tiyerekeze Sienta ya hayala yomwe yagona pabwalo lathyathyathya. Dalaivala watsopano wapukuta, wabwezera, wasololanso, ndipo oyilo wanyowetsa kufika gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pa kadontho ka m'munsi. Injini imeneyi imalowa pafupifupi malita 3.7 posintha oyilo pamodzi ndi fyuluta, ndipo pakati pa timadontho tiwirito pali pafupifupi malita 1.5. Ndiye kuti pamwamba pa mulingo wotsika pali theka la lita, ndipo kuti adzaze pakufunika pafupifupi lita imodzi. Asakhuthule botolo lonse nthawi imodzi. Athire theka la lita, adikire mphindi ziwiri kapena zitatu, ayezenso, kenako awonjezere pang'onopang'ono mpaka oyilo atayandikira kadontho ka m'mwamba koma osapitirira. Oyilo wochuluka mopyola si chitetezo: kirankishafuti imamumenya mpaka kuchita thovu, ndipo amatha kutulukira m'masilo kapena kupsa n'kutulutsa utsi. Oyilo wothira akhale wa nambala yomwe ili kale mu injini, monga 5W-30, ndipo kapepala ka sevisi komwe amamata pachitseko kapena m'boneti kamathandiza kudziwa. Chitsekerero chibwezeredwe n'kumangidwa. Chikaiwalika, boneti yonse imadzaza oyilo pa mtunda wochepa chabe.

Kansalu kopukutira kamanenanso zambiri. Oyilo watsopano amakhala wonyezimira mwachikasu, ndipo kuda pang'onopang'ono ndi chizolowezi chake. Choopsa ndi oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, chizindikiro choti madzi alowamo, kawirikawiri chifukwa gasiketi ya hedi yapsa. Fungo lamphamvu la petulo, kapena tizitsulo tonyezimira pakansalu, nazonso n'zofuna makaniko. Nyali yofiira ya kachitini pa dashibodi si yoyembekezera kuti ikuuzeni zothira oyilo: imayaka mphamvu yopopa oyilo itagwa kale, ndipo ikayaka pamsewu injini izimitsidwe pomwepo.

Kulanti amayezedwa injini itazizira, ndipo sipafunika kutsegula kanthu. Mulingo uoneke pakati pa LOW ndi FULL kudzera m'pulasitiki. Kathanki kakachita chikasu ndi ukalamba, tochi ya foni yowalitsidwa kuseri kwake imaonetsa mzere wa madzi. Musanyengedwe ndi mzere wa dzimbiri womwe umatsala pakhoma madzi atatha kale. Kugwedeza galimoto pang'ono kumasiyanitsa, popeza madzi enieni amagwedezeka. Akatsika, athiridwe m'kathankiko mpaka pa FULL. Toyota amagwiritsa ntchito wapinki wosakaniza kale theka ndi theka, kapena wofiira wofuna kusungunula, koma m'magalimoto ambiri a kuno munathiridwa kale wobiriwira, ndipo mitundu yosiyana si bwino kuisakaniza. Madzi okhaokha amapulumutsa pa ngozi, koma a pa mjigo amakhala ndi mchere womwe umamatirira m'timipata ta rediyeta, ndipo satchinjiriza dzimbiri. Ena amati kuno kulibe chisanu choumitsa madzi ndiye kulanti ndi wosafunika, kuiwala kuti ntchito yake ina ndi kuteteza aluminiyamu ya injini kuti isadyeke.

Kathanki kakhoza kuonetsa madzi rediyeta ili ndi njala. Izi zimachitika chitsekerero chachitsulo chikatha labala kapena kapaipi kaja kakang'ambika, chifukwa madzi amapita m'kathanki koma osabwerera. N'chifukwa chake nthawi ndi nthawi, m'mawa injini ili yozizira ndithu, chitsekerero cha rediyeta chitsegulidwe: madzi ayenera kufika pakhosi. Injini ili yotentha chisakhudzidwe ngakhale ndi nsalu, chifukwa mphamvu ija ikamasuka madzi amawira nthawi yomweyo n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Paipi yaikulu ya pamwamba ikakhala yotentha ndi yolimba poifinya, nthawi yotsegula sinakwane. Fani ya magetsi nayo imatha kuyamba yokha, choncho kiyi azichotsedwa manja asanalowe pafupi nayo.

Kulanti sapsa ngati petulo. Ngati mulingo ukutsika sabata ndi sabata, pali podontha, ndipo zizindikiro zake ndi zoyera kapena zapinki zouma pamfundo za mapaipi, fungo lotsekemera, kapena kapeti yonyowa kumapazi akutsogolo. Apa chithunzi chapafupi cha kathanki, chojambulidwa m'mawa uliwonse wa Loweruka pamalo omwewo, chimaonetsa kutsikako bwino kuposa kukumbukira.

Mayina olembedwa pa chithunzi cha galimoto ina asakoperedwe pa ina mwachisawawa. Magalimoto ambiri a ku Ulaya, monga Volkswagen Polo, alibe chitsekerero pa rediyeta. Thanki lapulasitiki ndilo limagwira mphamvu ya mpweya, ndipo nalonso silitsegulidwa lili lotentha. Ma Toyota a haibulidi monga Aqua ali ndi mathanki awiri a kulanti, lina la injini lina la zamagetsi, komanso mawaya a mtundu wa lalanje omwe sayenera kugwiridwa. Pa minibasi zambiri za Hiace injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, kotero chithunzi cha dipusitiki chimajambulidwa mpandowo utatukulidwa.