Bitireti ndi kuwonongeka kwa vidiyo yotulutsidwa mobwerezabwereza

Bitireti ndi kuchuluka kwa deta imene fayilo ya vidiyo imagwiritsa ntchito posunga sekondi imodzi ya zithunzi ndi mawu. Imayezedwa mu Mbps, kutanthauza mabiti miliyoni imodzi pa sekondi. Wokonza vidiyo amasankha nambala imeneyi nthawi iliyonse akadina Export, ndipo kudina kulikonse kumadyako pang'ono kuoneka bwino kwa chithunzi. Vidiyo imene yadutsa pa khomo limeneli kanayi kapena kasanu imafika kwa woonera itazimiririka, ngakhale inajambulidwa ndi kamera yabwino.

Chimene chimatayika

Mafoni ndi makamera ambiri amasunga vidiyo ndi njira ya H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, kapena ya H.265 imene inabwera mu 2013. Njira zimenezi zimachepetsa fayilo potaya zinthu zimene diso silingazione msanga. Sizisunganso chithunzi chilichonse chathunthu. Zimasunga chimodzi chokwanira apo ndi apo, ndipo pakati pakepo zimangolemba zimene zasintha. Munthu wokhala pampando akulankhula savuta kusunga, chifukwa khoma la kumbuyo kwake silisuntha. Gule ndiye amavuta.

Vidiyo ikatulutsidwanso, pulogalamu imaimasula kenako n'kuipanikizanso. Pulogalamuyo siidziwa kuti timabokosi ndi kuzimiririka zimene zinabwera ulendo woyamba ndi zolakwika. Imaziyesa mbali ya chithunzi, imawononga mabiti pozisunga, kenako imawonjezerapo zolakwika zake. Zili ngati fotokope ya fotokope inzake. Kukopera fayilo pa fulashi kapena pa memori khadi sikuwononga kanthu, chifukwa palibe kupanikizanso. Kupanikizanso kokhako ndiko kumawononga.

Zizindikiro zake n'zosasowa. Timabokosi timaoneka m'malo amdima ndi pamene pali kuthamanga. Thambo, m'malo mosintha mtundu pang'onopang'ono, limakhala ndi mizeremizere. Maluwa a pachitenje amasanduka mawangamawanga, ndipo m'mphepete mwa zilembo mumachita ngati mukunjenjemera. Mawu nawo savulala mochepa: kulira kwa mangenjeza ndi kuwomba m'manja kumamveka ngati kukuchokera m'madzi.

Chitsanzo cha ku Bolero

Boma la Rumphi lili ndi zinthu zimene ojambula amazikonda koma zovuta kuzipanikiza. Mwambo wa Gonapamuhanya, umene Atumbuka amachita ku Bolero kwa a Chikulamayembe, umakhala ndi khamu la anthu, zovala zamitundumitundu ndi fumbi la pabwalo. Gule wa Vimbuza, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ndi kumuika pa mndandanda wake mu 2008, ali ndi kunjenjemera kwa thupi kofulumira, ndipo nthawi zambiri amavinidwa usiku pa kuwala kochepa. Mu mdima kamera imatulutsa timadontho tosinthasintha pa chithunzi chilichonse, ndipo timadonthoto timadya mabiti ambiri. Udzu wa pa Nyika ukamagwedezeka ndi mphepo umachitanso chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti wina wajambula gule kwa mphindi 10 pa foni, pa 1080p, ndipo foniyo yasunga pa 17 Mbps. Uku ndi kupanikiza koyamba. Watumiza kwa mnzake wa ku Mzuzu pa WhatsApp ngati vidiyo wamba, ndipo WhatsApp yaichepetsa: kachiwiri. Mnzakeyo waidula mu CapCut n'kuitulutsa: kachitatu. Mwini vidiyo wadandaula kuti dzina lalembedwa molakwika, wokonza uja n'kutenga fayilo yotulutsidwa kale, kumatapo dzina latsopano, n'kuitulutsanso: kachinayi. YouTube kapena Facebook imapanikizanso vidiyo iliyonse imene yalandira: kachisanu.

Pa maulendo asanu amenewa, atatu okha ndiwo osapeweka: kamera, kutulutsa kumodzi, ndi tsamba lolandira. Woopsa kwambiri ndi wachiwiri uja, chifukwa amachepetsa kukula kwa chithunzi ndi bitireti nthawi imodzi. Amapeweka potumiza fayilo ngati Document, njira imene WhatsApp siikhudza zam'kati ndipo imalola mpaka 2 GB, kapena popereka memori khadi pamanja. Wachinayi amapeweka posunga pulojekiti pamodzi ndi mafayilo oyambirira, kuti cholakwika chikapezeka chikonzedwe m'pulojekitimo n'kutulutsa mwatsopano. Ambiri amafufuta zoyambirirazo foni ikadzaza, ndipo apa ndi pamene vuto limayambira.

Ngati chofunika n'kungodula kumayambiriro ndi kumapeto, palibe chifukwa chopanikizanso. Pulogalamu ya FFmpeg imatha kudula mongokopera:

```
ffmpeg -ss 00:01:00 -i gule.mp4 -t 00:08:00 -c copy gule_wodula.mp4
```

Mawu akuti `-c copy` ndiwo amaletsa kupanikizanso. Malire ake ndi akuti kudulako kumagwera pa chithunzi chathunthu chapafupi, choncho kumatha kuphonya ndi sekondi imodzi kapena zingapo, ndiponso simungaikepo zilembo kapena kusintha mitundu.

Kusankha bitireti

Poti tsamba lolandira lidzapanikizanso, fayilo yopita kumeneko iyenera kukhala yabwinoko kuposa imene woonera adzalandire. YouTube imalangiza 8 Mbps pa vidiyo ya 1080p ya zithunzi 24 mpaka 30 pa sekondi, ndi 12 Mbps ngati zithunzizo ndi 48 mpaka 60. Pa 720p imalangiza 5 Mbps ndi 7.5 Mbps. Manambala amenewa ndi a vidiyo wamba. Kwa gule wa fumbi kapena wa usiku, kukwererapo pang'ono n'kwanzeru, pamene ulaliki wojambulidwa kamera ili pa miyendo yake umaoneka bwino ngakhale pansi pa manambalawo.

Kukula kwa fayilo kumawerengedwa motere:

```
MB = Mbps × masekondi ÷ 8
```

Mphindi 10 ndi masekondi 600. Fayilo yoyambirira ya 17 Mbps ija ndi ya 1,275 MB. Ikatulutsidwa pa 8 Mbps imakhala ya 600 MB, ndipo pa 5 Mbps ya 375 MB, osawerengera mawu amene amawonjezera pang'ono. Ngati netiweki ya Airtel kapena TNM pamalopo ikukweza pa 2 Mbps, fayilo ya 600 MB itenga mphindi 40 ndipo ya 375 MB mphindi 25.

Bandulo ikakhala yochepa, ambiri amasiya 1080p n'kutsitsa bitireti yokha mpaka 2 kapena 3 Mbps. Pa gule, kumeneko n'kudzipweteka. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600 pamene cha 720p chili ndi 921,600, osafika theka. Mabiti ochepa akagawidwa pa timadontho tambiri, timabokosi timatuluka msanga, choncho ndi bwino kutsika pa 720p n'kuipatsa bitireti yokwanira. Pa sikirini ya foni, pamene anthu ambiri amaonera, kusiyana kwa kukula sikuoneka kwenikweni, koma timabokosi timaoneka.

Cholakwika china ndi cha mbali inayo: kutenga vidiyo imene yadutsa kale pa WhatsApp n'kuitulutsa pa 30 Mbps kapena pa 4K. Fayilo imakula, bandulo imatha, koma zotayika sizibwerera. Bitireti yaikulu imangoteteza zimene zatsala. Musanayambe kukonza, pulogalamu ya MediaInfo imakuonetsani kukula ndi bitireti ya fayilo imene mwalandira. Ikakhala yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene foni yojambulira imasunga, funsani yoyambirira.

Mapulogalamu ena, monga HandBrake, amalola kusankha mulingo wa kuoneka bwino m'malo mwa bitireti. Pa x264 mulingowo ndi CRF, umene HandBrake imaulemba RF: nambala yocheperako imapereka chithunzi chabwinoko ndi fayilo yaikulu, ndipo 18 imaoneka pafupifupi ngati yoyambirira. Kuipa kwake n'kwakuti kukula kwa fayilo sikudziwikiratu. Njira yodziwira ndi kutulutsa masekondi 30 a pamene gule wafika pachimake, kuona kukula kwake, n'kuchulukitsa ka 20 pa vidiyo ya mphindi 10. Fayilo yeniyeni idzacheperapo pa nambala imeneyo, chifukwa malo odekha amadya mabiti ochepa.