Kolesterolo: Momwe Chiwindi Chimampangira

Kolesterolo ndi mtundu wa mafuta amene thupi limagwiritsa ntchito pomanga khungu la maselo, popanga ndulu, vitamini D ndi mahomoni ena. Wambiri mwa kolesterolo wa m'thupi sachokera m'chakudya: thupi limadzipangira lokha pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo chiwindi ndicho chiwalo chachikulu pa ntchitoyi.

Chiwindi chimayamba ndi tizidutswa totsala thupi likagaya shuga ndi mafuta, n'kutilumikiza pang'onopang'ono mpaka kolesterolo atapangika. Pa ndondomekoyi pali enzaimu imodzi imene imalamulira liwiro la ntchito yonse. Kolesterolo akachuluka m'maselo a chiwindi, enzaimuyi imachepa mphamvu, akachepa, imawonjezera. Mankhwala a masitatini amagwira ntchito poitsekereza.

N'chifukwa chake chakudya sichikweza kolesterolo wa m'magazi monga ambiri amaganizira. Dzira limodzi lalikulu lili ndi mamiligalamu pafupifupi 190, onse ali mu chikasu chake. Matumbo amayamwa pafupifupi theka lokha, ndipo chiwindi chikalandira gawolo chimachepetsako wake.

Komabe chakudya chili ndi mbali yake. Mafuta olimba a nyama yonona, batala ndi kokonati amachepetsa tizipata ta pachiwindi timene timachotsa kolesterolo woipa m'magazi, motero amaunjikana. Anthu ena amabadwa ndi tizipata tosagwira bwino ntchito. Kolesterolo wawo amakwera kuyambira ali ana ngakhale azidya mosamala, ndipo amafunika mankhwala. Chimene chimaulula vutoli ndi kuyezetsa magazi, osati kunenepa kwa munthu.