Fodya wapachala: mwambi wobisika m'ndakatulo

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mughese, kumapiri a Misuku m'boma la Chitipa. Madzulo ena msuweni wanga wa Fomu 3 anapeza kope langa la ndakatulo n'kuwerenga mokweza ndime iyi, imene ndinalemba ndekha nditakhumudwa ndi malonjezo a pa msonkhano wina wa kampeni:

Anatisiyira fodya pachala
tsiku la msonkhano wa pasukulu;
mphepo ya ku Mughese sinachedwe.
Ife nkhanga tikupangana lero pa phulusa.

Atamaliza anandiyang'ana modabwa. Anafunsa kuti ndani anagawa fodya pasukulu, komanso nkhanga zikutani pa phulusa. Mtsikanayu ndi wanzeru, Chichewa amakhoza bwino m'kalasi, ndipo m'ndimeyo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lachilendo kwa iye. Chimene chinamusowa ndi miyambi iwiri imene ndinaibisa m'menemo. Ndikufuna ndikuonetseni mmene miyambiyi imatsekulira mizere, ndiponso mbiri imene inachititsa kuti alakatuli a dziko lino azolowere kulankhula chotere, pomwe mwana wa ku Misuku akuima panja pa chitseko.

Tiyambe ndi mzere woyamba ndi wachitatu. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fodya amene akunenedwa apa si ndudu ayi, koma fodya wopera uja agogo amatapa m'kabotolo n'kununkhiza. Akadali pachala, kamphepo kakang'ono kakhoza kumuulutsa. Tanthauzo lake n'lakuti chako ndi chimene walandira kale, osati chimene wangolonjezedwa. M'ndime yanga sindinanene mwambi wonse. Ndinatengamo zinthu zitatu, fodya, chala ndi mphepo, n'kuzimwaza m'mizere iwiri. Amene akuudziwa mwambiwo, akangomva "fodya pachala" amayamba kudikira mphepo. Ikafika mu mzere wachitatu amadziwa kuti malonjezo aja anauluka, ngakhale kuti liwu loti lonjezo mulibe.

Mzere wachinayi ukugwira ntchito mwanjira ina. Mwambi wake umati nkhanga zidapangana kusanapse. Tchire lisanatenthedwe, nkhanga zimagwirizana kothawira, ndipo phunziro n'lakuti anthu azikonzekera vuto lisanafike. Ine ndinautembenuza. Nkhanga zanga zikupangana pa phulusa, kutapsa kale. Apa mlandu wachoka kwa olonjeza aja n'kubwera kwa ife eni mudzi, amene timakhala pansi kukambirana zinthu zitaonongeka. Wosadziwa mwambiwo amangoona mbalame zitaima poyera. Woudziwa amamva kuti akudzudzulidwa, chifukwa m'mutu mwake mukulira "kusanapse" pomwe pa pepala pali phulusa.

Pali njira yachitatu, yodula mwambi pakati, ndipo iyi ndi yofala kwambiri m'mabuku a Chichewa. Willie Zingani anatcha buku lake Madzi Akatayika, ndipo wowerenga amamaliza yekha kuti saoleka. Jolly Max Ntaba anatcha lake Ikakuona Litsiro Sikata, osatchula n'komwe mvula. E.J. Chadza, amene buku lake la ndakatulo Ntchito ya Pakamwa linatuluka mu 1963, ali ndi linanso lotchedwa Kokha Mcheperawakalulu, dzina lochokera ku mwambi wa kalulu wochepa thupi koma mtima unga phiri. Olemba awa ankakhulupirira kuti theka lotsalalo lili kale m'mutu mwa wowerenga. Anaphunzira zimenezi pabwalo la milandu, pomwe mkulu amangoyamba mwambi, anthu n'kuumaliza ndi kung'ung'udza.

Luso lakaleli linapeza ntchito yatsopano mu 1968. M'chaka chimenecho boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo, masewero ndi mafilimu, pamodzi ndi bungwe loletsa zimene silinakondwe nazo. Kuyambira pamenepo kutchula vuto la dziko ndi dzina lake kunali kuika moyo pachiswe. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College, pa nthawiyo ili ku Chichiri mu Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, anayambitsa gulu la Writers Group. Ambiri mwa iwo ankalemba m'Chingerezi, koma zipangizo ankazitapa m'nthano, m'ndagi ndi m'zonena za kumudzi. Phindu lake linali lakuti tanthauzo lenileni silikhala pa pepala. Limakhala pakati pa pepala ndi zimene wowerenga anamva kwa agogo ake, ndipo pamalo amenewo wounika mabuku alibe poika chala chake n'kunena kuti mlandu ndi uwu.

Jack Mapanje ndiye chitsanzo chodziwika bwino. Buku lake Of Chameleons and Gods linasindikizidwa ndi a Heinemann ku London mu 1981. Mngelezi akaona dzinalo amaganiza za kanyama kosintha mitundu, ndipo sanalakwe, pakuti mlakatuli wa nthawi imeneyo ankabisala momwemo. Koma Mmalawi wokulira pa nthano amakumbukiranso zina. Amakumbukira birimankhwe amene Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma chifukwa choyenda monyang'wa anapitiriridwa ndi buluzi wonyamula uthenga wakuti imfa ndi yamuyaya. Ukaidziwa nthanoyi, mlakatuli wodzitcha birimankhwe sakungodzitama kuti amatha kubisala. Akuvomerezanso kuti ndi mthenga wa moyo amene kuchenjera kwake kukhoza kumuchedwetsa mpaka uthenga woipa utafika kale.

M'buku lomwelo muli ndakatulo yotchedwa Song of Chickens, m'mene nkhuku zikufunsa mbuye wawo chifukwa chimene anazitetezera kwa akabawi koma lero akuzipha kuti asangalatse mlendo. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku, ndipo timazitenga ngati ulemu wabwino. Mapanje anangosintha wolankhula, n'kupatsa nkhuku pakamwa. Owerenga ambiri anailumikiza ndi ulendo wa nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, John Vorster, amene analandiridwa ku Malawi mu 1970. Pa pepala palibe dzina la munthu aliyense, pali nkhuku ndi mlendo basi.

Komabe chishango chimenechi chinali ndi malire ake. Mwambi umene mnzako akuumva, kapirikoni wokulira m'mudzi womwewo akuumvanso. Mu 1985 buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo, m'masukulu ndi m'malaibulale. Pa 25 Seputembala 1987 iye anamangidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu Meyi 1991. Kubisa mawu kunalepheretsa boma kuonetsa umboni pabwalo, koma boma limene silifuna umboni silinaletsedwe kumanga munthu.

Tsopano tibwerere ku Mughese, chifukwa chaka chomwecho cha 1968 chinasiyanso chipsera china kuno. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko lonse pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwererapo mu 1994. Ziyankhulo za ku Chitipa monga Chisukwa, Chindali, Chilambya ndi Chinyiha sizinalowe n'komwe m'mabuku a sukulu. Mwana wa ku Misuku amayamwa Chisukwa kapena Chindali, amamva miyambi ya chiyankhulo chimenecho pothyola khofi ndi pa maliro, kenaka amakumana ndi Chichewa pa bolodi. Mawu ndi galamala amaphunzira, koma miyambi amaipeza ngati mndandanda woloweza: mwambi kumanzere, tanthauzo kumanja. Ndiye mlakatuli akaudula kapena kuumwaza, mwanayo sauzindikira, chifukwa anauona utavala zovala zonse kamodzi kokha. Pa mayeso a MSCE amapikisana ndi mnzake wa ku Dedza amene wakhala akuumva mwambi womwewo kuyambira ali kumsana. Msuweni wanga sanalephere ndime yanga chifukwa cha ulesi. Ine amene ndinayamba kuimva miyambiyi nditakhala zaka m'chigawo chapakati.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti mu mzere muli mwambi? Chizindikiro choyamba ndi chinthu chimene chalowa popanda chifukwa chooneka. Ndakatulo ikukamba za msonkhano wa pasukulu, mwadzidzidzi mwatulukira nkhanga. Nyama, chiwiya kapena chiwalo cha thupi chikabwera chotero, imani kaye. Chachiwiri, funafunani mnzake wa chinthucho. Mwambi sukhala ndi chithunzi chimodzi, umakhala ndi ziwiri kapena zitatu zomangirirana: nkhanga ndi moto, fodya ndi chala, madzi ndi kutayika. Mukazipeza, nenani mwambi wonse mokweza, kenaka muone chimene mlakatuli wasiya kapena wasintha. Nthawi zambiri uthenga umakhala pa chosinthidwacho, monga phulusa lija lalowa m'malo mwa "kusanapse".

Cholakwika chimene ife a ku yunivesite timachita kawirikawiri ndi kuona mwambi paliponse. Liwu loti fodya palokha si umboni. M'dziko lolima fodya ngati lathu, ndakatulo ikhoza kutchula fodya ikunena za mitengo ya ku okushoni basi. Ngati palibe chala, mphuno kapena mphepo pafupi, ndipo tanthauzo la mwambiwo silikuunikira mizere yoyandikana nayo, ndiye kuti mwambiwo mwabwera nawo ndinu. Kumasulira koona kumachititsa kuti mizere ina imene inali yosamveka imveke. Kumasulira kokakamiza kumafuna kuti muiwale theka la ndakatulo kuti kuime. Pofuna kutsimikiza mawu enieni a mwambi, mabuku monga Nzeru za Kale la S.L. Kumakanga ndi Wisdom of the People la J.C. Chakanza, limene lili ndi miyambi 2000, amathandiza, ngakhale kuti mwambi umodzi umanenedwa mosiyanako ku Ntcheu, ku Kasungu ndi ku Chipata.

Nditamufotokozera zonsezi, msuweni wanga anawerenganso ndime ija n'kuseka pa mzere wa nkhanga, amvekere akudziwa anthu ake. Kenaka anandibwezera. Ananena mizere iwiri ya Chisukwa imene anaipeka pomwepo, yokhala ndi theka la chonena china cha agogo athu, n'kundiuza kuti ndimalize. Mawu onse ndinawamva, koma theka lotsalalo linandithawa, ine wophunzira za zolembalemba amene ndinachoka kumudzi ndili wamng'ono. Agogo, amene anali phee pafupi ndi moto, anamaliza okha osatukula n'komwe mutu. Mawa lake ndinagula kope lina pa golosale, ndipo tchuthi chisanathe ine ndi msuweni wanga tinayamba kulembamo zonena za agogo, chilichonse pamodzi ndi nkhani imene anachinenera.