Kuphimba mawu m'maminitsi asanaperekedwe kwa anthu

Kuphimba mawu m'maminitsi ndi ntchito yochotsa zigawo zina pa kope ya zimene mlembi analemba pamsonkhano, kopeyo isanatulutsidwe poyera kapena kupatsidwa kwa munthu amene waipempha motsatira lamulo. Maminitsi enieni, amene komiti inavomereza ndipo wapampando anasainira, sakhudzidwa ayi. Amakhalabe m'faelo monga analembedwera. Pamalo pamene pachotsedwa mawu pamasiyidwa chizindikiro chooneka, kawirikawiri mzere wakuda, kuti wowerenga adziwe kuti panali mawu. Kopanda chizindikirocho, ntchitoyo imasanduka kusintha maminitsi mobisa.

## Maziko ake m'malamulo

Ku Malawi, gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma ndi nthambi zake zikusunga. Lamulo lofotokoza momwe ufuluwu ugwirire ntchito linayamba kutsatidwa pa 30 Seputembala 2020. Limafuna kuti ofesi iliyonse imene likuikhudza ikhale ndi mkulu woyankha zopempha zotere, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira katsatidwe kake.

Malamulo a mtundu umenewu, m'mayiko ambiri, amatchula zinthu zochepa zimene zingabisidwe: za moyo wa munthu payekha, zinsinsi za malonda, malangizo a loya kwa amene akumuimira, kafukufuku wa mlandu amene sanathe, ndi chitetezo cha dziko. Chiganizo chimodzi chobisika sichipereka chifukwa chokanira chikalata chonse. Chimene chingapatulidwe chimaperekedwa. Manyazi a akuluakulu sali pamndandandawu, ngakhale kuti nthawi zambiri ndiwo amakankha dzanja la wophimba.

## Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mtolankhani wapempha maminitsi a komiti ya zachuma ya khonsolo ina. M'maminitsimo muli ndime yonena kuti Mayi Uje, kalaliki wa msika wakutiwakuti, amene akhala pa tchuthi chodwala kuyambira mu Malichi, akuganiziridwa kuti sanapereke K480,000 ya matikiti a msika, ndipo komiti inagwirizana zowaimitsa ntchito poyembekezera kafukufuku.

Wophimba wosazolowera amada dzina lokha n'kupitirira. Koma ngati msikawo uli ndi kalaliki mmodzi, aliyense wa m'deralo amudziwa pongowerenga dzina la msika. Tchuthi chodwala ndi nkhani ya umoyo wa munthu, ndipo nachonso chimaloza mwini wake pakati pa anzake a muofesi. Ngakhale mawu oti "Mayi" angaulule, ngati mwa makalaliki onse a khonsoloyo wamkazi ndi mmodzi yekha. M'Chichewa mneni sasonyeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, choncho mawu aulemuwo akachotsedwa limodzi ndi dzina, chiganizo chotsalacho sichiulula kanthu. M'maminitsi a Chingerezi pamafunika kufufuzanso timawu tolozera munthu mpaka kumapeto kwa ndime. Funso lothandiza pa chiganizo chilichonse ndi lakuti: munthu wodziwa bwino ofesiyo kapena deralo, atawerenga zotsalazo, angamutchule munthuyo?

Zotsala m'ndimeyo ziyenera kuoneka. Kuchuluka kwa ndalama kumakhala, chifukwa ndi ndalama za anthu. Chigamulo cha komiti chimakhalanso, pamodzi ndi mayina a makhansala amene analipo ndi amene anapereka kapena kuvomereza mfundoyo, poti ankalankhula pa udindo umene anawasankhira. Wowerenga amadziwa kuti ndalama zinasowa ndiponso chimene khonsolo inachitapo. Chimene sadziwa ndi dzina la munthu amene sanapezekebe wolakwa.

Maminitsi omwewo angakhale ndi ndime ya tenda yokumba mijigo 12. Apa nthawi ndiyo imalamula. Tenda isanatsekedwe, mtengo umene khonsolo ikuyerekeza umaphimbidwa, chifukwa opikisana atawudziwa angangoyandikizako mitengo yawo. Ntchito ikaperekedwa, chifukwa chimenecho chimatha, ndipo dzina la kontirakitala wopambana ndi mtengo umene anagwirizana ziyenera kuoneka. N'chifukwa chake kope yophimbidwa chaka chatha siyenera kungotulutsidwanso chaka chino osaiunikanso.

Pomaliza, wophimba amalemba mndandanda wa malo onse amene waphimba: tsamba, ndime, ndi gawo la lamulo limene wadalira. Mndandandawu umathandiza wopempha kuona ngati angadandaule, ndipo umathandiza ounika dandaulolo kuyerekeza kopeyo ndi maminitsi enieni.

## Pamene mawu ophimbidwa amaonekabe

Papepala, inki ya chekeni yakuda siibisa bwino zilembo zosindikizidwa. Pepala likayang'anitsidwa kudzuwa kapena likapendeketsedwa, zilembo zimanyezimira pansi pa inkiyo. Njira yodalirika ndi kupanga fotokope, kuphimba kapena kudula mawuwo pa fotokopeyo, kenako kuijambulanso. Wopempha amapatsidwa kope yomalizayi.

Pakompyuta vuto ndi lalikulu kuposa. Bokosi lakuda lojambulidwa pamwamba pa mawu mu Word kapena mu PDF limangokhala ngati nsalu yovundikira. Mawuwo amakhalabe m'faelo. Mu Januwale 2019 maloya a Paul Manafort, amene anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump, anapereka kukhothi ku Washington chikalata chophimbidwa motero. Atolankhani anangokopera malo akudawo n'kuwamata pena, ndipo mawu onse anawerengeka. Chofunika ndi chida chimene chimafufutadi mawu, monga `Redact` mu Adobe Acrobat Pro kapena mu LibreOffice. Faelo ya Word yokha siyenera kutumizidwa, chifukwa `Track Changes` ndi ndemanga za m'mbali zingasunge mawu amene anachotsedwa.

Kuyesa n'kosavuta. Munthu amatsegula faelo yomalizidwa, kusankha zonse ndi `Ctrl+A`, kukopera, n'kumata mu Notepad. Kumene kuli pulogalamu ya pdftotext, lamulo ili limaonetsa mawu onse amene ali m'faelo:

```
pdftotext maminitsi.pdf -
```

Dzina lophimbidwa likatulukira, faeloyo siinakonzeke. Kutalika kwa mzere wakuda nakonso kumalankhula: pa komiti ya anthu asanu ndi mmodzi, mzere waufupi kwambiri ungaloze munthu wa dzina la zilembo zinayi. Maofesi ena amaika chizindikiro chofanana kutalika paliponse pofuna kupewa zimenezi.

## Malire ake

Maminitsi amakanganitsa kuposa zikalata zina chifukwa amasonyeza mmene anthu anaganizira asanagwirizane. Maboma amanena kuti nduna ndi akuluakulu sangalankhule momasuka ngati akudziwa kuti mawu awo adzawerengedwa ndi aliyense. Ku Britain mkangano umenewu unafika pachimake pa maminitsi a misonkhano ya nduna ya pa 13 ndi 17 Malichi 2003, imene inakambirana za nkhondo ya ku Iraq. Mu Januwale 2009 bwalo loweruza nkhani za ufulu wopeza uthenga linagamula kuti maminitsiwo atulutsidwe. Mwezi wotsatira Jack Straw, amene anali nduna ya zachilungamo, anagwiritsa ntchito mphamvu yokana ya m'gawo 53 la lamulo la dzikolo, ndipo aka kanali koyamba kuti mphamvuyo igwiritsidwe ntchito. Wopemphayo sanalandire maminitsiwo, ngakhale ophimbidwa.