Mafunso Oyesera Ngati Alimi Aphunziradi

Mlimi wotsogolera akamaliza kuphunzitsa anzake, asangofunsa kuti "Mwamva?" chifukwa aliyense amavomera. Njira yodalirika ndi kufunsa mafunso omwewo kawiri, maphunziro asanayambe ndiponso atangotha.

Kakonzedwe ka mafunso

Konzani mafunso ochepa ochokera pa zomwe mukaphunzitse, lililonse lokhala ndi yankho limodzi. Mwachitsanzo, pa kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa mungafunse kuti:

1. Mizere italikirane bwanji? Yankho: masentimita 75.
2. Mapando atalikirane bwanji? Yankho: masentimita 25.
3. Paphando pabzalidwe njere zingati? Yankho: imodzi.

Kafunsidwe

Funsani mlimi aliyense payekha, chifukwa pagulu ambiri amangotsatira yankho la mnzawo. Amene sadziwa kuwerenga muwawerengere. Pofunsa koyamba musaulule mayankho, ndipo muwauze kuti ali omasuka kunena kuti sakudziwa.

Kumasulira zotsatira

Werengani funso lililonse palokha, ndipo werengerani alimi okhawo amene anayankha maulendo onse awiri. Tiyerekeze kuti alimiwo ndi 20. Ngati pa funso lachitatu anakhoza 6 poyamba ndipo 17 pomaliza, mfundoyo yamveka. Ngati pa funso lachiwiri anakhoza 8 kenako 9, siyinamveke. Ibwerezeni kumunda ndi chingwe chobzalira. Funso lomwe alimi 19 akhoza poyambirira likusonyeza kuti ankadziwa kale, choncho musachedwepo.

Chenjezo

Mafunsowa amayesa zomwe mlimi akudziwa, osati zomwe akachite. Chimanga chikamera, yenderani minda yawo ndi kuyeza mapandowo.