Kuyesa chizindikiro cha bizinesi pa aikoni ya foni

Kuyesa chizindikiro pa aikoni ndi njira yoonera ngati chizindikiro cha bizinesi (logo) chikuzindikirikabe chikachepetsedwa kukhala kachithunzi kotsegulira pulogalamu pa foni. Google Play imafuna chithunzi cha mapikiseli 512 mulitali ndi mulifupi, koma pa foni ya Android aikoni imakhala pafupifupi mamilimita 8 okha, ndipo pa mafoni a mapikiseli ochepa imatsika mpaka mapikiseli 48.

Kuchoka pa 512 kufika pa 48, chilichonse chimachepa kupitirira kakhumi. Mwachitsanzo, telala angakhale ndi chizindikiro cha makina osokera, ulusi ndi dzina la shopu m'munsi. Ngati ulusiwo ndi wonenepa mapikiseli 8, umatsala wosakwana pikiseli imodzi ndipo umazimiririka. Zilembo zotalika mapikiseli 40 zimatsala zosakwana 4, choncho "a" ndi "o" zimangofanana. Apa dzina limachotsedwa n'kusiya chinthu chimodzi cha mizere yonenepa, monga sizasi.

Poyesa, chithunzi chimachepetsedwa n'kuonedwa pa foni yeniyeni pakati pa maaikoni ena, osachikulitsa. Kenako chimachotsedwa mitundu kuti chikhale chotuwa. Chinthucho chikasowa, ndiye kuti kuwala kwake n'kofanana kwambiri ndi kwa kumbuyo kwake.

Kuyambira pa Android 8.0 ya 2017, foni ikhoza kudula aikoni kukhala yozungulira, motero zomwe zili m'makona zimatayika. Chizindikiro chimakhala chapambana mayesowa ngati munthu amene sanachionepo atha kutchula chinthu chojambulidwacho atangochiyang'ana kamodzi.