Mankhwala a fuko limodzi, bwanji wina amuchotsera pomwe wina amupatsa?

Funso: Mayi anga ankamwa atenololo chifukwa cha bipi, koma kuchipatala anawasinthira mankhwala ena. Amalume anga, omwe mtima wawo unafooka mpaka miyendo kutupa, anawapatsa kavedilolo. Ndamva kuti awiriwa ndi a gulu limodzi lotchedwa mabeta buloka. Kodi mankhwalawa anachokera kuti, nanga ngati ali pachibale, bwanji wina amuchotsera pomwe wina amupatsa? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Chibale chilipodi, koma ana a mimba imodzi salima mofanana. Nkhaniyi inayamba mu 1948 pomwe Raymond Ahlquist wa ku America anapeza kuti adirenalini, yemwe amathamangitsa mtima munthu akachita mantha kapena akamakwera phiri, amafikira pa timalo ta mitundu iwiri m'thupi. Anatitcha alufa ndi beta. Tingatiyerekeze ndi maloko, adirenalini kukhala kiyi. James Black wa ku Scotland ankaganizira anthu omva kupweteka pachifuwa chifukwa mitsempha yodyetsa mtima yachepa njira, matenda otchedwa anjaina. Ena ankafuna njira yoonjezera magazi ofika ku mtimawo, koma iye anati ndi bwino kuuchepetsera ntchito kuti magazi ochepawo aukwanire. Anapanga kiyi wolowa mu loko ya beta koma osatsekula, wongotsekereza malo kuti adirenalini asalowe. Ameneyo ndiye beta buloka wotchedwa puropuranololo, yemwe anatuluka cha m'ma 1964, ndipo Black analandira mphoto ya Nobel mu 1988.

Posakhalitsa, mu 1967, kunadziwika kuti maloko a beta nawo ali pawiri. Beta 1 ndi wochuluka mu mtima ndi mu impso, pomwe beta 2 ali m'timapaipi ta mpweya ta m'mapapo ndi m'mitsempha ya magazi. Puropuranololo amatseka onse awiri, n'chifukwa chake munthu wa mphumu akamumwa akhoza kubanika mpaka kufa. Atenololo, metopurololo ndi bisopurololo anapangidwa kuti azisankha beta 1. Kusankhako si kotheratu: mlingo ukakwera nawonso amagwira mapapo, choncho wa mphumu amamwabe moyang'aniridwa. Kusiyana kwachiwiri ndiko anthu ambiri sakudziwa. Makiyi ena, monga pindololo, akalowa mu loko amatsekereza adirenalini koma iwo eni amapotokolako pang'ono, ndiye mtima sutsika kwambiri liwiro munthu akakhala phee. Poyamba izi zinkaoneka ngati ubwino, poti odwala ambiri amadandaula za kufooka ndi kuzizira kwa zala. Koma ine ndikuona kuti umboni unaloza kwina: phindu la mankhwalawa lagona pa kupumitsa mtima, ndipo kiyi wopotokola amabweza ndi dzanja lamanzere zomwe wapereka ndi lamanja.

Pa anjaina nkhani ndi yachidule. Mtima umadyetsedwa magazi makamaka pa kanthawi komwe wamasuka pakati pa kugunda kuwiri, ndiye ukamagunda modekha, pafupifupi ka 55 mpaka 60 pa mphindi munthu atakhala pansi, umadya mokwanira ndipo umafuna zochepa. Atenololo, metopurololo kapena bisopurololo amachita bwino ntchitoyi, pomwe pindololo sathandiza mokwanira kwa amene amamva ululu ngakhale atangokhala. Pali mtundu wina wa anjaina wobwera chifukwa mtsempha wadzifinya wokha, kawirikawiri usiku, ndipo pamenepo puropuranololo akhoza kuonjezera vutolo.

Za mayi anu zikukhudza bipi, ndipo apa mbiri ya mankhwalawa inatsika. Atenololo amatsitsadi manambala pa makina opimira, koma cholinga cha kumwa mankhwala a bipi ndi kupewa sitiroko ndi matenda a mtima, osati kukongoletsa manambala. Kafukufuku wamkulu wotchedwa LIFE, wa mu 2002, anapeza kuti omwa mankhwala ena a bipi otchedwa losatani ankagwidwa sitiroko mocheperapo kuposa omwa atenololo, ngakhale bipi yawo inatsika pafupifupi mofanana. Mu 2006 dziko la Britain linachotsa mabeta buloka pa mndandanda wa mankhwala oyambira bipi. Palinso chifukwa china chotikhudza ife mwachindunji. Njira imodzi yomwe mankhwalawa amatsitsira bipi ndi kuletsa impso kutulutsa renini, yemwe amakweza bipi, koma anthu akuda ambiri odwala bipi renini wawo amakhala wochepa kale, ndiye mankhwalawa paokha amagwira mofooka. Amulodipini kapena mankhwala okodzetsa amachita bwino kuposa mabeta buloka. Wina anganene kuti atenololo ndi wotchipa, amapezeka, ndipo agogo ake amwa zaka khumi ali bwinobwino. N'zoona, ndipo kumwa atenololo kumaposa kusamwa kanthu. Komanso wa bipi yemwe ali ndi anjaina, kapena mtima wogunda mosalongosoka, akuyenerabe beta buloka. Koma pa bipi yokha, kusankha mankhwala oteteza mochepa pomwe oteteza bwino alipo pa mtengo wosasiyana kwenikweni n'kumumana wodwalayo.

Nkhani ya amalume anu ndiyo yodabwitsa zedi. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti mtima wofooka usapatsidwe beta buloka, poti ng'ombe yotopa suichotsera mphamvu zotsalazo. Mu 1975 madokotala a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, motsogozedwa ndi Finn Waagstein, anayesa zosiyana ndi chiphunzitsocho ndipo odwala awo anayamba kupezako bwino. Chifukwa chake n'chakuti mtima ukafooka thupi limaukwapula ndi adirenalini usana ndi usiku, ndipo chikwapucho ndicho chimaumaliza. Umboni waukulu unabwera mu 1999 pa bisopurololo ndi metopurololo wosungunuka pang'onopang'ono, kenaka mu 2001 pa kavedilolo. Aliyense mwa atatuwa anachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Taonani kuti bisopurololo amasankha beta 1, pomwe kavedilolo amatseka beta onse awiri kuphatikizapo alufa, koma onse anapulumutsa miyoyo. Choncho kusankha sikumene kunabweretsa phindulo. Chomwe atatuwa amafanana n'chakuti palibe wopotokola loko. Beta buloka wina, zamoterolo, yemwe amapotokola kwambiri, atayesedwa pa odwala mtima wofooka kwambiri mu 1990 anachulukitsa imfa. Mungafunse kuti nanga atenololo, yemwe naye sapotokola, bwanji osangomupereka? Yankho n'lakuti sanayesedwepo pa kafukufuku wamkulu wotere, ndipo gulu lomwe lili ndi wina wopulumutsa ndi wina wopha silingadaliridwe pa dzina lokha.

Kamwedwe kake nako kamafuna kuleza mtima. Tiyerekeze bambo amene mtima wake ukuponya magawo 30 pa 100 a magazi odzaza m'chipinda chake chachikulu, pomwe mtima wabwino umaponya oposa theka. Sayamba kavedilolo mapapo ali odzaza madzi; amayamba wamwa mankhwala okodzetsa mpaka kutupa kutaphwa ndipo akutha kugona chagada osabanika. Kenaka amayamba ndi mamiligalamu 3.125 kawiri pa tsiku, pamodzi ndi chakudya kuti asachite chizungulire akaimirira. Pakatha masabata osachepera awiri, ngati zonse zili bwino, dokotala amakweza kufika pa 6.25, kenaka 12.5, mpaka 25. Masabata oyamba akhoza kumva kufooka kuposa kale, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya mtima, chonsecho phindu limayamba kuoneka pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo. Akaona kuti sikelo yakwera makilogalamu oposa awiri m'masiku atatu, kapena mtima ukugunda kosafika ka 50 pa mphindi uku akuchita chidima, abwerere kuchipatala msanga kuti akaunikenso mlingo. Ngati alinso ndi shuga, adziwe kuti mankhwalawa amabisa kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima komwe kumachenjeza kuti shuga watsika, ndipo chizindikiro chotsala ndi thukuta.

Amalume anu asasiye okha mwadzidzidzi, ngakhale mapilitsi atatsala pang'ono kutha. Thupi likazolowera beta buloka limachulukitsa maloko aja, ndiye kiyi wotsekereza akachoka kamodzin'kamodzi adirenalini amapeza makomo ambiri otsekuka, mtima n'kuthamanga koopsa, makamaka kwa wa anjaina. Wofunika kusiya amamutsitsira mlingo pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri.